Chaka Chimene Ndinkawerenga Masiku a Ngongole

Chaka chachiwiri chimwalirireni amuna anga, dzina langa silinatuluke pa makuponi a feteleza. Munda wathu uli kumtunda kwa Lirangwe, maekala awiri a dothi lamchenga lotopa, loti ukabzala chimanga popanda feteleza chimangofika m'chiuno n'kutulutsa ngayaye. Chaka cham'mbuyo mwake ndinali nditakolola matumba asanu ndi anayi okha, ndipo pofika Okutobala ine ndi ana anga atatu tinali tikudya za ganyu. Sindinafune kuti zimenezo zibwereze.

Ku Chileka kunali kabungwe kosunga ndi kubwereketsa ndalama, komwe amuna anga ankaponyako pang'onopang'ono ali moyo. Buku lawo linali litasinthidwira m'dzina langa. Ndinamva kutchalitchi kuti bungwelo lili ndi ngongole ya alimi, yoti subweza mwezi ndi mwezi ayi, koma kamodzi kokha ukakolola. Ndinapita ndi achimwene anga aakulu, chifukwa pankafunika munthu wosayinira kuti ine ndikalephera, iye adzalipira. Achimwenewo amapalasa kabaza pa Lirangwe, ndipo ndi munthu woopa mapepala kuposa njoka.

Amene anatilandira anali mlembi wa ngongole, mtsikana wovala magalasi, wolankhula mwachangu. Ndinapempha K80,000: matumba anayi a feteleza, awiri wokulitsa ndi awiri wobereketsa, mbewu, ndi kena kolipira opalira.

"Chiwongoladzanja chathu timawerenga pa masiku, amayi," anatero. "Pa K1,000 iliyonse, kwacha imodzi patsiku. Inu mwatenga K80,000, ndiye kuti K80 patsiku. Tsiku limene mudzabwere ndi ndalama, tidzawerenga masiku amene mwakhala nayo, tidzachulukitsa ndi 80, n'kuphatikiza ndi K80,000 ija. Mudzapereka zonse nthawi imodzi. Mukafulumira mulipira zochepa, mukachedwa zambiri. Koma Julaye asathe musanabwere. Akatha pali chindapusa, ndiponso timafika pa chikole."

"Kuwerengako mumayambira tsiku liti?" ndinafunsa.

"Tsiku limene mwalandira ndalama. Zalembedwa apa."

Anandilozera mzerewo ndi cholembera ndipo ndinauwerenga ndekha, pakuti sukulu ndinalekezera Sitandade 8. Chikole changa chinali mbuzi zitatu. Achimwene analembetsa njinga yawo. Tinasayina pa 12 Novembala.

Ndalama sizinatuluke tsiku limenelo. Anati komiti iyambe yakhala pansi, kenako anati akudikira kuti ena abweze. Mvula yobzalira inagwa ine ndilibe kanthu m'manja, mpaka ndinabzala theka la munda ndi mbewu yobwereka kwa mnzanga. Uthenga unafika kumayambiriro kwa Disembala, ndipo pa 3 ndinakalandira ndalama kwa kashiya. Ndinasayina m'buku lake lalikulu, iye n'kundipatsa kalisiti kachikasu. Kalisitiko ndinakaika m'Baibulo pamodzi ndi pepala la pangano.

Kuyambira tsiku lotsatira ndinayamba kudula masiku pa kalendala ya kutchalitchi imene inali pakhoma. M'mawa uliwonse ndisanatenge khasu ndinkadula tsiku limodzi, mumtima n'kuti, K80 ina imeneyo. Anthu amati ngongole siola, koma yangayi inkachita kukula ndikuiona. Januwale anathera m'munda. Feteleza wachiwiri ndinathira ndekha ndi kachitsekero ka botolo, phando ndi phando, msana ukuwotcha. Mu Febuluwale kunachita ng'amba ya masabata awiri, masamba a chimanga n'kupota ngati anyezi, koma K80 sinaleke kuwerengeka chifukwa choti kumwamba kwauma. Mvula inabwereranso chimanga chisanafe.

Nditakolola ndi kutonola, ndinasoka matumba 38. Chikwatiwireni changa ndinali ndisanaonepo chimanga chotere m'nyumba mwanga. Ndinatulutsa bedi m'chipinda n'kusanjamo matumbawo pamitengo, ine n'kumagona pabalaza ndi ana.

Tinali anthu asanu a m'dera lathu amene tinatenga ngongoleyi nthawi imodzi. Anzangawo anayamba kugulitsa Meyi atangoyamba. Aliyense ankanena zofanana, kuti masiku akuthamanga, bola kuchotsa minga msanga. Achimwene anabwera m'mawa wina ndi njinga yawo, atamangirira kale zingwe pakaliyala.

"Achemwali, tiyeni tiyambe kututa. Anzanu onse akupita ku Chileka sabata ino."

Sindinatsutse. Tinatenga matumba awiri oyamba kupita nawo pa Lirangwe, kwa bambo wina wachisilamu, wachikulire, amene ankagula mbewu m'shedi yake ya malata kuseri kwa msika. Anali wodziwika kuti sikelo yake sinama. Anapisa dzanja m'thumba, n'kuluma njere imodzi.

"Chauma bwino chimenechi. Koma mtengo ndi womwewo, K60 pa kilo. Thumba K3,000."

Ndinayang'ana m'shedimo. Matumba anali atasanjidwa mpaka kudenga, ndipo panalibe galimoto yoti ikuwanyamula.

"Bambo, chimanga chonsechi mukupita nacho kuti?"

"Palibe kumene chikupita. Chikugona."

"Mpaka liti?"

Anaseka pang'ono. "Mpaka amene akundigulitsa lerowa adzayambe kundifunsa ngati ndili nacho. Ine ndimagula kuti ndisunge, amayi. Inu mukugulitsa chifukwa china chake chikukuthamangitsani."

Ndinapempha cholembera chake ndi chidutswa cha katoni, n'kukhala pa thumba langa lomwelo. Tsikulo linali 10 Meyi, ndipo pa kalendala yanga ndinali nditadula masiku 158. Kuchulukitsa ndi 80 inakwana K12,640. Kuphatikiza ndi ngongole, K92,640. Pa K3,000 thumba, ndinafunika kugulitsa matumba 31. Pa 38 aja akanatsala asanu ndi awiri, ochepa kuposa a chaka cha njala chija. Ndiye kuti ndikanalimira bungwe ndi mwini shedi, ana anga n'kudyanso za ganyu.

Kenako ndinawerenga mbali inayo. Mwezi wathunthu wodikira unali K2,400 kapena kupitirira pang'ono, wosakwana ngakhale thumba limodzi. Miyezi iwiri ndi theka, matumba awiri. K80 ija, imene ndinkaiopa m'mawa uliwonse, inali yaing'ono poyerekeza ndi zimene ndikanataya pogulitsa nthawi imene aliyense akugulitsa. Chimene sindinkadziwa n'chakuti mtengo udzakwera liti, ndiponso ngati udzakwere Julaye asanathe.

"Achimwene, kwezani matumbawa tibwerere."

Anandiyang'ana ngati ndayamba misala. Anakweza matumbawo pakaliyala. Anayamba kudandaula titadutsa mlatho, akukankha njinga, thukuta lili kamukamu.

"Mukudziwa kuti njinga imene ndikukankhayi ndi imene ili papepala paja?"

"Ndikudziwa."

"Mbuzi zanu zitatu sizingakwane K90,000. Akadzabwera adzafikira kwa ine. Ana anga adzadya chiyani?"

"Chimanga chili m'nyumba, achimwene. Sichikuthawa. Tsiku lililonse limene ndingafune ndikhoza kugulitsa n'kukalipira. Ndikungopempha masiku."

"Masikuwo ndi amene akugulitsidwa K80."

"Eya. Ndipo ndawerenga, ndi otchipa."

Anatsitsa matumba pakhonde n'kumapita osamwa ndi madzi omwe.

Kusunga chimanga kuli ndi ntchito yake. Ndinagulitsa nkhuku ziwiri n'kugula mankhwala a anankafumbwe, ndipo ndinamasula matumba onse, kuthira, kusakaniza ndi kusokanso, masiku atatu. Ndinabwereka mphaka. Ndinkagogoda matumba ndi chikhatho n'kutchera khutu ngati mukuyenda kanthu. Tsiku la msika lililonse ndinkapita pa Lirangwe ndi mpiru wa kudimba, ndipo ndisanayale malonda ndinkayamba ndadutsira kushedi kuja. Bamboyo anazolowera. Akangondiona ankatchula mtengo ndisanapereke ndi moni womwe.

Meyi anatha pa K60. Sabata yoyamba ya Juni mtengo unatsika kufika K55, chifukwa kunabwera magalimoto a chimanga chochokera kwina. Anzanga anayi aja anali atalipira kale, ndipo mmodzi anandiuza pamjigo, mosafuna kundinyoza, kuti iye tsopano akugona tulo. Alamu anga, akazi a achimwene, anasiya kundiyankha moni bwinobwino. Mawu anayenda m'mudzi akuti mayi wamasiye uja akufuna kulanditsa njinga ya mlongo wake.

Ndinakhala pansi ndi kalendala n'kudziikira malire. Ndinapita kwa achimwene kukawauza, alamu ali pomwepo akusankha nyemba.

"Pa 21 Julaye ndidzagulitsa, mtengo ukwere usakwere. Pa 22 ndidzakalipira. Atsala masiku asanu ndi anayi kuti Julaye athe, ndiye ngakhale nditadwala mukhoza kukapereka inuyo. Ngakhale mtengo utakhala wa lero womwewu, chimanga chimene chili m'nyumba chikwana ngongole yonse. Wogona ndi njala ndidzakhala ine, njinga yanu sidzakhudzidwa."

Achimwene anawerenga pa zala, milomo ikuyenda. "Pa K55, matumba 36."

"Ndipo pofika tsikulo adzakhala alipo 36. Awiri okha ndiwo tidye."

"Mwaumatu mtima, achemwali."

"Ndinaumitsidwa ndi chaka chatha."

Kuti mawu angawo akhale oona, ndinayenera kusamala ufa. Tinkadya mbatata masana, chimanga madzulo okha. Mwana wanga wamkulu, mtsikana wa Fomu 2, anandifunsa tsiku lina kuti bwanji tikudya ngati osauka pamene chipinda chadzaza. Ndinamupatsa katoni ija kuti awerenge yekha. Anawerenga, n'kundibwezera, ndipo sanafunsenso.

Kumapeto kwa Juni mtengo unabwerera pa K60, kenako K70. Magalimoto aja anasiya kubwera. Julaye ali pakati unafika K85, ndipo achimwene anayamba kudutsira kwathu madzulo aliwonse pochokera ku siteji, osati kudzakalipa, koma kudzandiuza mtengo umene amva. Pa 20 anabwera akupalasa mwamphamvu.

"Wafika K90. Ena akuti mwezi wamawa ufika K100. Bwanji mudikire sabata ina?"

Ndinaseka mpaka misozi. "Inuyo achimwene?"

"Ndangonena."

"Ndinati pa 21."

Tinatuta m'mawa kutacha, iwo ndi anzawo awiri a kabaza, maulendo angapo. Bambo wa shedi anayeza thumba lililonse ine ndikuona. Matumba 22 pa K4,500, K99,000. Anawerenga ndalamazo kawiri, n'kundipatsa kuti ndiwerengenso.

"Mukanadikira mpaka Disembala mukanandiposa," anatero.

"Disembala ndi wa anthu opanda ngongole, bambo."

M'nyumba munatsala matumba 14.

Tsiku lotsatira ndinakwera minibasi yoyamba, ndalama nditazimanga m'kansalu pamimba, lisiti ndi pangano zili m'chikwama. Ndinatsika pa Kameza n'kukwera ina ya ku Chileka. Ndalama ya thiransipoti inali imene ndinapeza pogulitsa mpiru, yokwanira kupita ndi kubwera basi. Masamu anga ndinali nditawachita katatu: masiku 231, kuchulukitsa ndi 80, K18,480. Zonse pamodzi K98,480. Chenji K520.

Mlembi anali yemwe uja wa magalasi. Anatsegula faelo yanga, n'kudinadina kakyuleta.

"Masiku 252. Chiwongoladzanja K20,160. Zonse K100,160, amayi."

"Mwati masiku angati?"

"252. Kuyambira pa 12 Novembala."

"Pa 12 Novembala ndinasayina. Ndalama ndinalandira pa 3 Disembala."

"Pa khadi lanu palembedwa 12 Novembala. Ine ndimatsata khadi."

Ndinatulutsa pangano n'kumulozera mzere womwe uja anandilozera iye mwini. Kenako ndinaika kalisiti kachikasu pambali pake. Anaziyang'ana, n'kuyang'ananso khadi, ndipo ndinaona kuti wazindikira. Koma kumbuyo kwanga kunali mzere wa anthu, ndipo anali mwana woopa ntchito yake.

"Ine sindingasinthe khadi. Amasintha ndi a manijala, ndipo apita kutauni ku banki. Mwina mungopereka zimene zili apazi, zotsalazo mudzadandaule pambuyo."

"Ndilibe. Ndabwera ndi K99,000. Ngakhale ndikanakhala nayo, masiku 21 amenewo ndalama inali m'kabati mwanu, ine ndikubzala mbewu yobwereka. K1,680 imeneyo ndilipirira chiyani?"

"Ndiye mubwere mawa."

"Mawa ndi masiku 232, ndi thiransipoti ina. Landirani K98,480 lero, mundilembere lisiti la lero."

"Ngongole imeneyi sitilandira yoperewera, amayi. Imatsekedwa kamodzi."

"Si yoperewera. Koma chabwino, ndiwadikira."

Ndinakhala pa benchi ya pakhonde. Anthu ankalowa n'kutuluka. Ndege inadutsa pamwamba pa malata, mawindo n'kunjenjemera. Nthawi ya nkhomaliro anatseka chitseko, ine ndili pomwepo, chifukwa ndinkaopa kuti ndikangochoka a manijala afika n'kuchokanso. Sindinagule kanthu. K520 ija sindinafune kuikhudza ndisanagwire lisiti. Mlembi pobwera ku nkhomaliro anandipatsa nthochi ziwiri, ndipo ndinalandira.

A manijala anafika cha m'ma 3 koloko, bambo wamtali wooneka wotopa, atanyamula chikwama chakuda. Ndinaimirira pakhomo asanalowe.

"Bwana, pepani, ndili ndi nkhani ya masiku 21."

Anandilowetsa mu ofesi. Sindinalankhule zambiri. Ndinayala pangano, lisiti, ndi tsamba la Disembala la kalendala yanga, limene ndinalisunga chaka chitasintha. Anawerenga mzere uja, n'kuitana kashiya kuti abweretse buku la chaka chatha. Anatsegula masamba mpaka anapeza: 3 Disembala, K80,000, ndi siginecha yanga yokhotakhota pambali.

Anatenga kakyuleta n'kuwerenga mokweza, mwezi ndi mwezi. "Disembala masiku 28 otsala. Januwale 31, Febuluwale 28, Malichi 31, Epulo 30, Meyi 31, Juni 30, Julaye 22." Anadina. "231. Amayiwa akunena zoona." Anatembenukira kwa mlembi, mosakalipa. "Amene analemba makadi a gulu limeneli anakopera tsiku la pa fomu. Konzani, ndisayinira."

Ndinamasula kansalu kanga pa kauntala. Kashiya anawerenga, n'kundibwezera K520, ndipo pa khadi langa anadinda chidindo chakuti ngongole yatha. Pa pepala la chikole anadula mzere pa mbuzi zitatu ndi njinga. Ndinapempha kuti andipatse pepala losonyeza zimenezo, loti ndikawapatse achimwene m'manja.

Ndili pakhomo ndinakumbukira mawu a manijala akuti gulu limeneli. Ndinabwerera.

"Bwana, tinali asanu a ku Lirangwe amene tinasayina limodzi n'kulandira limodzi. Anzangawo analipira mu Meyi."

Anasisita pachipumi. "Auzeni abwere ndi malisiti awo. Tiona mmodzimmodzi."

"Amene anataya lisiti?"

"Buku lilipo."

Ndinafika pa Lirangwe dzuwa litapendeka. Achimwene anali pa siteji, ndipo nditawapatsa pepala lija analiyang'ana nthawi yaitali, ngakhale kuwerenga kumawavuta. Analipinda kanayi n'kuliika m'thumba la malaya, kenako anandiuza kuti ndikwere. Sanandilipiritse.

Sabata imeneyo ndinayenda makomo anayi. Awiri anandimvetsa msanga ndipo tinapitira limodzi ku Chileka Lolemba lotsatira, ine monga wowaperekeza. Mmodzi anali atatenga K50,000 ndipo anamubwezera K1,050, winayo wa K100,000 anamubwezera K2,100. Wachitatu anati thiransipoti idya theka la ndalamayo, bola zikhale, koma a manijala anamulembera yake m'buku lake la zosunga. Wachinayi, mayi uja wa pamjigo, poyamba anakana, akuti safuna kukayambana ndi anthu amene adzawafunenso chaka chamawa. Patapita masiku anabwera kwathu m'mawa, ine ndikupeta, atatenga mapepala ake m'jumbo.

"Tandiwerengereni anzanga," anatero, akukhala pamkeka. "Ine masamu a masikuwa amandizunguza mutu."

Ndinaika lichero pansi n'kutuma mwana wanga kuti akatenge cholembera.